Mwana wagwa khunyu mayeso ali mkati: nthawi ndi lipoti tizichita bwanji?

Woyang'anira watsopano:
Akuluakulu, ndithandizeni ndisanalembe lipoti. Dzulo pepala linayamba 8:30, la maola awiri ndi theka, ndiye limayenera kutha 11:00. Nthawi ili 9:52 mtsikana wina wa mzere wachitatu anagwa pampando n'kuyamba kuphupha. Oyang'anira tinalimo atatu. Ndinauza onse kuti aike zolembera pansi ndi kutembenuza mapepala. Tinayambiranso 10:09, ndipo pa bolodi ndinalemba kuti titsiriza 11:17. Mnzanga wina akuti sindimayenera kuimitsa holo yonse, ndikanangoimitsa amene anali pafupi naye. Mtsikanayo sanapitirize, ndipo mawa ali ndi pepala lina. Mu lipotimo ndilembe zotani, nanga mawa tikonzeke bwanji?

Bambo a Masamu:
Mnzanuyo ali ndi mfundo, aphunzitsi. Mukaimitsa onse ana amayamba kunong'onezana, ena kusuzumira kwa anzawo. Ife timangomunyamula wodwalayo msangamsanga kupita naye panja, enawo azipitiriza. Chachikulu ndi kumuika supuni kapena rula m'kamwa kuti asameze lilime.

Mayi a Sayansi:
Ayi bambo, zasupunizo chonde tisiyiretu. Munthu sangameze lilime lake. Chimene supuni imachita ndi kuthyola mano kapena kumutsamwitsa, ndipo chala chanu chikalowamo chilumidwa. Kumunyamula ali mkati mophupha ndi ngozinso, akhoza kukupulumukani n'kumenyetsa mutu pansi. Musamupanikizenso manja kapena miyendo.

Sunthani madesiki ndi mipando imene yamuzungulira, pindani juzi muike kunsi kwa mutu, masulani kolala ngati yathina, ndipo wina ayang'ane wotchi kuyambira pomwe wayamba. Nthawi zambiri kuphuphako kumaleka pakokha pasanathe mphindi ziwiri kapena zitatu. Akaleka mugonekeni chammbali kuti malovu ndi thovu zituluke, ndipo onani ngati akupuma bwino. Madzi kapena mankhwala musamupatse mpaka atatsitsimukiratu. Kukapitirira mphindi 5, kapena akayambiranso asanatsitsimuke, kapena wavulala, kapena akupuma movutikira, kapena n'koyamba kumuchitikira, itanani achipatala pompo. Enanso amaopa kumugwira poganiza kuti thovulo limapatsira. Khunyu sipatsirana.

Ndifunseko aphunzitsi, anaphuphadi nthawi yaitali kapena anangokomoka? Wokomoka amayamba kudandaula chizungulire, thukuta kamukamu, amagwa mofooka, ndipo mukamugoneka n'kumukweza miyendo amadzuka posachedwa akudziwa pamene ali. Wakhunyu amauma thupi kaye, kenaka kugwedezeka, ndipo akadzuka amakhala wosokonezeka ndi watulo kwa kanthawi.

Woyang'anira watsopano:
Anauma kaye, mayi, kenaka anagwedezeka pafupifupi mphindi ziwiri. Anadzikodzeranso. Mnzanga wamkazi anamufunditsa nsalu m'chiuno anzake asanaone bwinobwino. Atadzuka sankadziwa kuti ali m'mayeso. Tinamutulutsa 10:05 akuyenda mochirikizidwa.

Mkulu wa oyang'anira:
Munachita bwino kuimitsa onse. Holo imodzi imayendera wotchi imodzi. Mukaimitsa ana asanu ndi mmodzi okha, ndiye kuti 11:00 ena akutuluka, mipando ikukhuluzika, asanu ndi mmodziwo akulembabe, ndipo amene anali mzere wachisanu adzafunsa kuti iye bwanji, poti nayenso anaimirira ndi mantha. Malire ake mudzawaika pati? Kukanakhala kuti mwana wangokweza dzanja kuti m'mimba mwamupotokola, n'kutuluka mwakachetechete ndi woyang'anira, pamenepo ena saima, nthawi imene imalembedwa ndi ya iye yekha. Koma pamene madesiki asunthidwa ndipo oyang'anira awiri agwada pansi, palibe amene akulemba moyenera.

Nkhawa ya bambo a Masamu yonong'onezana ndi yoona, koma mankhwala ake ndi kugawana ntchito lisanafike tsikulo. Mmodzi apite kwa wodwala. Wina akaitane thandizo. Wachitatu aime kutsogolo, asayang'ane wodwalayo ngakhale pang'ono, maso ake akhale pa olemba mayeso. Iyeyu ndiye alembe nthawi pa bolodi, ndipo satuluka m'holo zivute zitani.

Masamu anu ali bwino. Kuchoka 9:52 kufika 10:09 ndi mphindi 17, ndiye 11:17. Ambiri amalakwitsa powerengera pamene wodwala watuluka, monga 10:05 yanuyo, kuiwala mphindi zobwezera madesiki ndi kukhazika ana mitima pansi. Werengerani mpaka pamene mwanena kuti "yambani". Ndipo musamangoyerekeza kuti "tingowonjezera 20", nambala ya pa bolodi ifanane ndi ya mu lipoti.

Mu lipoti lembani zimene munaona, motsatira nthawi: 9:52 wagwa ndipo onse aimitsidwa, 9:54 waleka kuphupha, 10:05 watulutsidwa ndi uje, 10:09 ayambiranso, 11:17 atsiriza. Ikanimo nambala yake ya mayeso, dzina la pepala, pamene anakhala, ndi manambala a amene munawasuntha. Musalembe kuti "ali ndi khunyu", zimenezo anene ndi dokotala. Inu lembani kuti anauma thupi, anagwedezeka mphindi ziwiri, anadzuka wosokonezeka. Oyang'anira nonse atatu musainire. Pepala lake la mayankho lipite limodzi ndi a anzake monga momwe analisiyira, ndipo m'kaundula alembedwe kuti analipo, osati anajomba. Kalata ya kuchipatala ikabwera iphatikizidwe, chifukwa ndi imene bungwe la mayeso lidzayang'ane poganizira za mwanayo.

Aphunzitsi a Makompyuta:
Kwathu chaka chatha magetsi anazima ana ali pa makompyuta, jenereta inatenga nthawi kuti ilire, ena ntchito yawo inafufutika. Tinawonjezera nthawi koma makolo anadandaulabe. Ndiye ine ndimati chofunika ndi kuyesa jenereta m'mawa uliwonse.

Mkulu wa oyang'anira:
Imeneyo ndi nkhani ina aphunzitsi, muiyambitse payokha tidzaikambirane. Apa tili pa mwana wodwala.

Bambo a Masamu:
Zasupuni ndamva mayi, zikomo. Koma ndikadali ndi funso. Mtsikanayu analemba mphindi 82 zokha, zinamutsalira 68. Akanatsitsimuka cha m'ma 10:40 n'kunena kuti akufuna kumaliza, mukanamukaniza? Ine ndikanamulola, ndi tsogolo lake limenelo.

Mkulu wa oyang'anira:
Zimatheka ngati nthawi yonse anali m'maso mwa woyang'anira, sanagwire foni kapena buku, ndiponso sanalankhule ndi amene aona mafunso. Akatero amalizire mphindi 68 zake m'chipinda china. Akangotengedwa ndi makolo kapena kupita kuchipatala popanda woyang'anira, pepalalo latsekeka. Koma musagamule nokha, imbirani ofesi ya bungwe lanu nthawi yomweyo, chifukwa malamulo amasiyana bungwe ndi bungwe.

Mayi a Sayansi:
Ine apo ndikukayika. Mwana amene wangophupha kumene amatha kuyankha kuti ali bwino mutu usanabwerere m'malo. Akamaliza pepala ali choncho, kodi bungwe silidzangoti analemba lonse? Mwina kumusiya ndi lipoti labwino kungamuthandize koposa.

Mkulu wa oyang'anira:
Zimenezo ndaonapo zikupita uku ndi uku, mayi, sindingakutsutseni. Za mawa, aphunzitsi: lankhulani ndi makolo lero, mumve zimene achipatala anena, ngati ali pa mankhwala ndiponso ngati anadumphitsa kumwa kapena akuchezera usiku kuwerenga, poti kusagona kumautsa matendawa. Mukhazikeni kumapeto kwa mzere pafupi ndi khomo, pambali pake pakhale malo oti munthu angagone, ndipo kusintha kwa malo kulembedwe pa mapu a mipando. Ngati chipinda chapadera chilipo ndi woyang'anira wake, mufunseni mwini wake kaye, ena amachita manyazi kubwerera pakati pa anzawo pomwe ena safuna kupatulidwa.

Woyang'anira watsopano:
Zikomo nonse. Makolo ndawaimbira, abwera ndi kalata ya kuchipatala madzulo ano. Iye akuti akufuna kulembera m'holo momwemo. Kutsogolo mawa kuima ineyo.