Ndithandizeni pa "would rather": went akubwera bwanji?

Aphunzitsi ndi nonse odziwa Chingerezi, chonde ndithandizeni. Ndikukonzekeretsa mng'ono wanga mayeso a MSCE, ndipo dzulo tinakhala pamkeka ndi tochi mpaka usiku, funso limodzi litatikanika.

Zinazi ndikuzimva. Pambuyo pa should mneni amabwera wopanda to, monga "You should rest", pomwe ought sayenda popanda to wake. Had better ndi chenjezo la panopa ngakhale had akuoneka ngati wakale, ndipo pokaniza timati "You had better not go".

Chatizunguza mutu ndi ichi: "I would rather you ____ home now." Mwanayu analemba go, ine n'kuvomereza, poti timati "I would rather go home". Koma yankho lake akuti ndi went. Went bwanji, pomwe now ali pomwepo?

Ndikuganiza kuti mneni wasintha chifukwa wofunayo ndine koma wopitayo ndi munthu wina. Kodi lamulo lake ndi limeneli? Nanga pokana tizinena kuti "I would rather you didn't go"? Ndipo zikakhala za dzulo, ndiye pobwera had gone? Ndikuopa kumuphunzitsa zolakwika mwanayu, amandikhulupirira kwambiri.