Funso pa za penshoni ndi msonkho pa malipiro

Moni nonse abale, ndithandizeniko mutu waima. Ndimagwira ntchito pa kampani ina ku Kanengo, malipiro anga ndi K600,000 asanadule kalikonse. Mwezi ndi mwezi amandidula 5 peresenti ya penshoni yomwe ndi K30,000, abwana amaonjezera 10 peresenti yawo K60,000, zonse pamodzi K90,000.

Chikundivuta nchakuti ndawerengera ndekha ndaona kuti msonkho wa PAYE akuwerengera pa K600,000 yonse, osati pa K570,000 yotsala akachotsa penshoni. Ine ndimadziwa kuti msonkho umapita ku MRA boma nkugulira mankhwala, kumangira misewu, subwereranso kwa ine ndekha, koma ya penshoni ndi yanga ndithu, imakhala mu akaunti ya dzina langa kudikira ndikadzapuma ntchito, nde zikutheka bwanji kulipira msonkho pa ndalama yoti sinafike nkomwe mmanja mwanga?

Ndinafunsa a akaunti kuofesi anangoti ndi mmene makina amawerengera basi. Ndinaimbira kampani yosunga penshoni yathu, iwo akuti za msonkho si mbali yawo, anangonditumizira sitetimenti. Mnzanga wina akuti nzolondola chifukwa podzalandira penshoniyo sadzadulanso msonkho, koma naye anangomva kwa anthu.

Nde amene mumapanga malipiro kapena munalandirako kale penshoni, lamulo limati chani, K30,000 ija ichotsedwe kaye asanawerengere msonkho kapena ayi? Nanga K60,000 ya abwanayo imandikwezera msonkho? Ngati akundidula molakwika ndikadandaule ku MRA kapena ku Reserve Bank?