Chingwe chanji cha matumba a simenti nyengo ya mvula?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndimanyamula matumba a simenti 60 a makilogalamu 50 lililonse, omwe ndi matani atatu, pa lole yosatseka pamwamba.

Chingwe cha khonje chimagwira mfundo bwino, koma chimamwa madzi. Sabata yatha nditapotokola zingwe zake ndinapeza mkati mwada, mukununkha nkhungu, ndipo ulusi unkangothothoka m'manja ngakhale kuti kunja chinkaoneka chabwinobwino. Cha nayiloni sichiola, koma chikanyowa chimatamuka, moti ndikayenda pang'ono pamsewu wa mabampu ndimapeza matumba akumbuyo asuntha.

Ndikuganiza zogula malamba a poliyesitala okhala ndi chomangitsira chachitsulo, poti satamuka kwambiri ndipo amapirira dzuwa. Chikundizunguza ndi nambala yolembedwa pa kansalu ka lambayo, yakuti LC 2500 daN, yosonyeza mphamvu imene lambayo angapirire akamakokedwa. Kodi pomanga modutsa pamwamba pa matumba ndidalire nambala imeneyi, kapena ya STF, yosonyeza mphamvu imene chomangitsiracho chimakanikizira katundu pansi? Nanga pa matani atatuwa pangafunike malamba angati, poganizira kuti matumba amaphwa m'njira lamba n'kukhwefuka?