Thandizeni: mapelesenti a pivoti tebulo yanga akutuluka ang'onoang'ono

Nambewe: Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi deta ya kafukufuku amene bungwe lathu lidachita ku Dedza, Ntcheu ndi Balaka, anthu 420. Funso lalikulu lidali loti kodi munthu amatumiza kapena kulandira ndalama pa foni, yankho Eya kapena Ayi. Abwana akufuna tebulo limodzi logawa mayankho potengera boma, zaka, komanso amuna ndi akazi, ndi mapelesenti ake, Lachisanu lino. Mu Excel ndaika boma, zaka ndi jenda ku `Rows`, yankho ku `Columns`, kenako `Count of id` ku `Values`. Manambala akutuluka bwino. Koma nditasintha kuti aoneke mapelesenti, amayi a ku Dedza a zaka 18 mpaka 35 amene adati Eya akuoneka 4.3%. Ine ndidalinso nawo kumudziko ndipo ndikudziwa kuti sadali ochepa chonchi. Vuto lina, Ntcheu akutuluka katatu. Ndalakwitsa pati? Ndakhala pa laputopu kuyambira m'mawa, mutu waima.

Gift M.: Achemwali, mwasankha `% of Grand Total`. Sinthani muike `% of Column Total`, zitheka pompo.

Bambo Jere: A Gift aona bwino pamene pali nthenda, koma mankhwala si amenewo. Mayi Nambewe, tatiuzani kaye: amayi a ku Dedza a zaka zimenezo alipo angati onse, ndipo oti Eya ndi angati? Komanso oti Eya m'kafukufuku yense ndi angati?

Nambewe: Alipo 40, oti Eya ndi 18. Eya onse pamodzi ndi 210.

Bambo Jere: Ndiye taonani. Pelesenti iliyonse imayankha funso loti "mwa anthu ati?" Panopa Excel ikugawa 18 ndi anthu onse 420, n'chifukwa chake mukuona 4.3%. Siyikunama, kungoti ikuyankha funso limene simudafunse. Mukatsatira a Gift, igawa 18 ndi 210, mupeza 8.6%, kutanthauza kuti mwa onse oti Eya, amayi amenewa ndi gawo lotere. Nambala imeneyo imakwera mukangofunsa anthu ambiri m'boma limodzi, choncho simungayerekezere nayo Dedza ndi Balaka. Chimene abwana anu akufuna ndi 18 mwa 40, yomwe ndi 45%.

Poti magulu anu ali m'mizere ndipo mayankho ali pamwamba, dinani kumanja pa nambala iliyonse m'tebulomo, pitani pa `Show Values As`, musankhe `% of Row Total`. Mudziwa kuti zakhoza ngati kumapeto kwa mzere uliwonse kwalembedwa 100%. Ikakhala 100% imodzi yokha pakona ya pansi, mukadali pa chakale chija.

Gift M.: Zoona bambo, ine ndidazolowera kuika mayankho m'mizere ndi maboma pamwamba, ndiye kwanga imagwira ndi ya kolamuyo.

Nambewe: Zatheka, 45% yaoneka! Zikomo kwambiri. Koma paoneka kolamu ina yolembedwa `(blank)`, pa amayi omwewa ili ndi 10%.

Bambo Jere: Amenewo ndi anthu 4 amene sadayankhe funsolo. Apa samalani. Mukabisa kolamu imeneyo ndi fyuluta, Excel iwerengera otsala 36 okha, ndipo 45% ija isanduka 50%. Zimachitikanso chimodzimodzi mukaika yankho lenilenilo ku `Values` m'malo mwa id, chifukwa `Count` siwerenga mabokosi opanda kanthu. Ine ndimawasiya aoneke, ndimangowapatsa dzina loti "Sadayankhe" mu deta.

Thoko wa ku Zomba: Apo ine ndikusiyana nanu pang'ono bambo. Kwathu timawachotsa, n'kulemba pansi pa tebulo kuti mapelesenti ndi a amene adayankha okha. Munthu amene wofunsa adamudumpha funso sitingamuwerenge ngati kuti adapereka maganizo.

Bambo Jere: Ngati adadumphidwa mwangozi, ndikuvomereza. Koma pa nkhani ya ndalama ena amakana dala kuyankha, ndipo zimenezo n'zofunika kuti owerenga lipoti azione. Mayi Nambewe ndi amene akudziwa zimene zidachitika kumudziko. Chachikulu asankhe njira imodzi pa matebulo onse ndipo ailembe.

Kondwani: Pepani kulowerera, inenso ndili ndi langa. Funso langa munthu amatha kusankha mbewu zingapo, chimanga, mtedza, soya. Mapelesenti anga ndikawaphatikiza akupitirira 100. Ndiye kuti nanenso ndisinthe pomwepo?

Thoko wa ku Zomba: Ayi achimwene, lanulo ndi lina. Munthu mmodzi akasankha mbewu zitatu awerengedwa katatu, kupitirira 100 n'koyenera. Ngati deta idachokera ku KoboToolbox, mbewu iliyonse ili ndi kolamu yake ya 0 ndi 1. Ikani kolamuyo ku `Values`, musankhe `Average`, muisinthe ioneke ngati pelesenti. Yambitsani funso lanu padera kuti tisasokoneze la achemwaliwa.

A Nambewe, za Ntcheu wotuluka katatuyo, yang'anitsitsani kalembedwe. Ndikukhulupirira kuti wina adalemba Ncheu, wina adasiya kampata kumapeto kwa dzina. Kampatako sikaoneka ndi maso koma pivoti imakaona. Pangani kolamu yatsopano ndi `=TRIM(B2)`, Ncheu mumukonze ndi `Find and Replace`, kenako dinani `Refresh`, muike kolamu yatsopanoyo ku `Rows` m'malo mwa yakale. Pivoti siisintha yokha mukakonza deta. Kolamu yatsopanoyo ikapanda kuoneka pa mndandanda, kulitsani deta imene pivoti ikuwerenga ndi `Change Data Source`.

Ndifunseko, magulu a zaka mudawapanga bwanji?

Nambewe: Ndidayesa `Group` koma idakana, idati `Cannot group that selection`. Ndiye ndidalemba fomyula iyi:

```
=IF(C2<=35,"18-35",IF(C2<=55,"36-55","56+"))
```

Thoko wa ku Zomba: Kukana kumeneko kudali kukuchenjezani. Kawirikawiri kumatanthauza kuti mu kolamu ya zaka muli mabokosi opanda kanthu kapena manambala amene adalowa ngati mawu. Fomyula yanuyo siidandaula, imangowaponya pena pake. Bokosi lopanda kanthu imaliona ngati 0, lipita ku 18-35. Zaka zolembedwa ngati mawu, kaya munthuyo ali ndi 24, zipita ku 56+. Yesani iyi:

```
=IF(ISNUMBER(C2),IF(C2<=35,"18-35",IF(C2<=55,"36-55","56+")),"Onani")
```

Kenako sefani onse olembedwa "Onani" muwakonze mmodzimmodzi.

Nambewe: Mayo ine, atuluka 11! Asanu ndi awiri ali ndi kachizindikiro kobiriwira pakona, onsewo adali m'gulu la agogo pamene ena ndi anyamata. Anayi alibe zaka n'komwe. Ndakonza, Ntcheu nayenso watsala mmodzi. Tsopano amayi a ku Balaka a 56+ akuonetsa 83.3% Eya, kuposa achinyamata onse. Ndilembe zimenezi mu lipoti?

Bambo Jere: Musanalembe, kokerani id ku `Values` kachiwiri, imodzi muisiye ikhale nambala, inayo pelesenti, ziziyendera limodzi. Ndikuganiza kuti mupeza anthu 5 mwa 6. Mayi mmodzi yekha mwa asanuwo akadati Ayi, ikadatsika kufika 66.7%. Maboma 3, magulu a zaka 3, amuna ndi akazi, ndiye magulu 18. Anthu 420 mukawagawa mofanana ndi pafupifupi 23 pa gulu, ndipo sagawika mofanana. Ine ndikadapanga matebulo awiri, lina la boma ndi jenda, lina la boma ndi zaka.

Nambewe: Ndi 5 mwa 6 ndithu. Koma abwana adanenetsa kuti akufuna zonse pa tebulo limodzi. Ndiwapatsa lalikululo lili ndi manambala pambali pa mapelesenti, ndiikenso awiri enawo. Funso langa lotsala: gulu likachepa kufika pati m'pamene ndisaonetse pelesenti?

Thoko wa ku Zomba: Kwathu osakwana 25 timangoika nambala ndi kanyenyezi.

Gift M.: Mukatero magulu ambiri pa 18 aja akhala a nyenyezi. Ine ndikadayambira pa 10, koma afunseni abwanawo mawa m'mawa, muwaonetse mzere wa Balakawo.