Zithunzi za chinkhoswe tisanaziike pa Facebook

Azakhali a ku Chipoka: Ana inu zithunzi za Loweruka zija zili kuti kodi, anzanga a kumvano akungondifunsa

Achemwali: Dikirani pang'ono azakhali. Chija tinajambulitsa tonse pamchenga ku Senga Bay ndachikulitsa pafoni, kumbuyo chakumanja kuli azimayi awiri akuchapa, wina chitenje chili pachifuwa ndiye pali kamwana kakusamba kopanda zovala. Nkhope zikuoneka bwinobwino ndipo anthu aja sitinawapemphe

Malume: Ayi chimenecho chisatuluke choncho. Akanakhala mayi anu mukanamva bwanji. Mphwanga iwe wodziwa zamafoni tatiuza

Mphwawo wa ku Lilongwe: Nchotheka malume, poti iwowo ali m'mphepete tingodula mbali imeneyo. Achemwali chitsekuleni mugalari, dinani Edit kenako Crop, mukoke mzere wakumanja mpaka azimayiwo ndi mwanayo atatulukiratu, osasiya theka la nkhope. Posunga ngati foni ikufunsa musankhe Save as copy, ndiye mugalari mukhala ziwiri zofanana, apa mpomwe anthu amalakwitsa nkutumiza chosadula chija. Muzichitsekula kaye musanatumize

Achemwali: Ndayesa pa chimene alamu ananditumizira koma chatuluka mbuu, agogo sakuzindikirika nkomwe

Mphwawo wa ku Lilongwe: Eya chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza, ndiye inu mukudulanso chochepetsedwa kale. Adule ndi alamu pafoni imene inajambulayo, chawocho nchachikulu, olo atachotsa gawo chikhalabe chowala

Alamu: Ndadula ine, azimayi aja achoka koma mkono wa malume wapita nawo. Nanga bambo wogulitsa usipa uja? Iyeyo ali pakati penipeni, mutu wake watulukira pakati pa azakhali ndi agogo

Malume: Mkonowo upite palibe kanthu

Mphwawo wa ku Lilongwe: Wapakati sadulika alamu. Mu WhatsApp momwemo musanadine kutumiza pali kapensulo pamwamba, mungamupake kapena kumuphimba ndi sitika. Koma mupake mokwanira, mukangopaka mwapatalipatali anthu a kudoko amudziwabe, chipewa chofiira chija ndi beseni lake nzokwanira kumuzindikira

Azakhali a ku Chipoka: Bambo ameneyo ndimamudziwa ine, timagula kwa iye. Bwanji ndingomufunsa Lachitatu, akalola chikhale momwemo akakana mumupake

Achemwali: Ndiye bwino kwambiri azakhali, mumuuze kuti chikupita pa Facebook osati pagulu pano pokha. Koma za kamwana kaja palibe zofunsa, kachoke basi

Alamu: Chosadula chija ndinatumizira achemwali okha. Ndadina Delete for everyone pompano

Mphwawo wa ku Lilongwe: Achemwali onaninso mugalari mwanu ngati chatsalira mufufute. Ndipo amene anajambula zake pamchenga paja aziponye kwa alamu kaye, zisapite pa sitetasi

Malume: Zamveka. Azakhali anu akatiyankha Lachitatu madzulo, a kumvano adikire