Za fwupd zija: zatheka, koma ndinatsala pang'ono kulira

Sabata yatha ndinafunsa kuti: "Laputopu yanga ya Ubuntu ikukana kulandira famuweya yatsopano kudzera pa fwupd. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Zikomo nonse amene munandiyankha. Vuto linali batire. Tsikulo magetsi anali atazima kuno ku Area 25, ndipo fwupd salola kusintha famuweya ya UEFI ngati chaja sichili pamoto kapena batire latsika kwambiri. Poyamba ndinkaona ngati ndi nkhanza chabe, koma kompyuta ikazima famuweya ili mkati molembedwa, mwina siidzayakanso.

Magetsi atabwera ndinadikira kuti batire lidzaze kaye, kenako ndinalemba izi:

```
fwupdmgr refresh
fwupdmgr get-updates
fwupdmgr update
```

Laputopu inazima n'kuyakanso yokha, sikirini inakhala yakuda kwa mphindi zingapo, fani ikulira. Mtima unali m'mwamba, koma batani lozimitsira sindinaligwire. Inunso musaligwire.

Chimene ndinaiwala ndi ichi. Pa laputopu yomweyo pali Windows yokhomedwa ndi BitLocker. Famuweya ikasintha, miyeso imene TPM, kachipangizo ka chitetezo ka m'kompyuta, imasunga imasinthanso, ndiye Windows inandifunsa kiyi yobwezeretsera ya manambala 48. Mwamwayi ndinali nditailemba m'kope kalekale, ngakhale kulipeza kopelo kunanditengera madzulo onse. Ndikanayamba ndaimitsa kaye BitLocker mu Windows, sikanandifunsa. Amene disiki yawo ya LUKS imatseguka yokha ndi TPM, onetsetsani kuti pasiwedi mukuikumbukira musanayambe.

Pomaliza `fwupdmgr get-history` inaonetsa kuti zalowa bwino.