Nyimbo ya masiku ndi miyezi ya ana a nesale, ndithandizeni

Aphunzitsi anzanga ndi makolo muli muno, ndithandizeniko. Ndimaphunzitsa kanesale kena ku Ndirande, ana a zaka 3 mpaka 5, ndipo m'mawa uliwonse timayimba masiku a sabata tikuwomba m'manja ndi kuwerenga zala. Lachiwiri mpaka Lachisanu savutika chifukwa nambala ili m'dzina momwemo, chala chachiwiri Lachiwiri, chachitatu Lachitatu, basi. Koma Lolemba, Loweruka ndi Lamulungu mulibe nambala ndiye amangosokoneza, komanso ndikayambira Lamulungu ngati mmene makalendala ambiri alili zala zija sizigwirizananso, Lachiwiri limagwera pa chala chachitatu. Inu mumayambira tsiku liti?

Chikundipweteka kwambiri n'chakuti nyimbo amayimba bwinobwino mpaka kumapeto koma dzulo nditafunsa kamtsikana kena kuti lero ndi lachingati kanayambiranso nyimbo yonse kuchokera Lolemba osadziwa poima, ndinazindikira kuti angoloweza basi.

Miyezi ndiye ayi ndithu, 12 yonse m'nyimbo imodzi yawatalikira, Juni ndi Julayi amaphatikiza, akafika Seputembala, Okutobala, Novembala, Disembala kumangomveka "mbala mbala". Ndikuganiza zoidula itatuitatu n'kuimangirira ku zimene amaona, Juni kuzizira kwa chiperoni tivale majuzi, Okutobala dzuwa, Disembala mvula ndi mango. Alipo anayesapo zimenezi? Ndikufuna yoti ine nditsogolere iwo azivomera, ya mizere ifupiifupi. Amene muli nayo mundijambulireko mawu ndimve kayimbidwe kake chonde.